Amene Anayamwitsa Pempho

Mukamakwera phiri la Zomba, pafupi ndi damu la Mulunguzi, mumapeza amayi ogulitsa zipatso m'mphepete mwa msewu. Galimoto ikachepetsa liwiro onse amadzambatuka ndi timbale tawo ta mabulosi ndi magalagadeya. Pali mmodzi amene sathamanga. Amaima pambuyo, mbale itagwiridwa ndi manja awiri chifukwa zala zake zimanjenjemera pang'ono. Ameneyo ndi Chifuniro. Anzake amati ndi munthu wofatsa, ndipo ena amati kunjenjemerako ndi kuzizira kwa kuphiri. Kwa zaka zambiri Chifuniro ankawasiya kuti aziganiza choncho.

Kwawo ndi ku Malosa. Sukulu analekezera sitandade 7 bambo ake atamwalira, ndipo anabwera m'tauni kudzagwira ntchito ya m'nyumba kwa mphunzitsi wina ku Chirunga. Kumeneko anakumana ndi Douglas, wocheka matabwa, ndipo anakakhala naye ku Matawale m'nyumba za lendi zomangidwa mumdadada. Khomo lotsatira linali la Abasi, telala wa pakhonde la sitolo, ndi mkazi wake Kulusumu, amene ankagulitsa matemba a ku Chilwa mumsika waukulu. Kulusumu anali wamkulu pang'ono, wolankhula mokweza, woseka mpaka kugwira khoma. Ankatchulana kuti achemwali. Wina ankapita ku CCAP Lamulungu, wina ankaswali kumzikiti Lachisanu, koma mpondero wa tomato unali umodzi, ndipo mchere ukatha kuno ankangogogoda khoma.

Onse awiri anatenga mimba chaka chimodzi. Kulusumu anayamba kuchira, mwana wamwamuna, Mahmud. Patapita miyezi ingapo Chifuniro anabereka mtsikana, namutcha Pempho.

Sabata yachiwiri Chifuniro analeka kugona. Ankachapa matewera oyera kale. Kenako anayamba kunena kuti khandalo si lake, anamusinthira kuchipatala, ndipo anakana kuliyamwitsa. Douglas anati ndi ufiti wa achibale a ku Malosa, anatenga sowo yake kukwera kuphiri, ndipo kuchoka pamenepo anthu anangomva kuti ali ku Mozambique. Tsiku lina masana Chifuniro anasiya mwana pakhomo n'kuyenda mpaka kumsika. Pafupi ndi poimikira maminibasi anavula zonse n'kuyamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi. Anthu anazungulira, anyamata oitanira akuseka, ena atatukula mafoni. Kulusumu anasiya matemba ake pabenchi, anadutsa pakati pa gululo akutukwana m'Chiyao, anamasula chitenje chake n'kumukulunga nacho. Chitenje chitapanda kukwana anavula ndi mpango wa kumutu, chinthu chimene anali asanachitepo pagulu chikhalire.

Iyeyo ndi Abasi ndi amene anamutengera kuchipatala cha odwala maganizo. Madokotala anati ndi matenda amene amagwira amayi ena akangobereka, ndipo amachizika. Chifuniro anakhala m'chipatalamo pafupifupi miyezi itatu. Nthawi yonseyo Pempho anali kwa Kulusumu. Mkaka wa m'chitini sakanaukwanitsa, choncho Kulusumu anapita kukayezetsanso magazi, ndipo atamuuza kuti ali bwino anayamba kuyamwitsa ana awiri, Mahmud bere ili, Pempho ili. Anaonda mpaka mphete inkavuka yokha. Masiku oona odwala ankabereka mmodzi kumbuyo, wina pachifuwa, kontena ya phala m'manja. Chifuniro ankamulavulira, kumutchula mfiti yoba ana. Kulusumu ankangopukuta n'kunena kuti, “Idyani kaye, achemwali, mutukwane mutakhuta.”

Atatuluka m'chipatala, landilodi anali atapereka kale chipinda chake kwa ana a sukulu. Anagona kwa Kulusumu pamphasa mpaka mvula inatha. Kulusumu ndi amene ankasunga mapiritsi pamwamba pa kabati, n'kumamuyang'ana mpaka ameze. Mapiritsiwo ndi amene anayamba kumunjenjemeretsa zala. Koma Matawale sinaiwale. Pa mpopi amayi ankatsitsa mawu iye akafika. Ana ankaimba nyimbo ija akamuona. Azakhali ake okhala kuphiri atamuitana kuti akawathandize kudimba, Chifuniro sanaganize kawiri.

“Ndizitsika Loweruka lililonse,” anatero akutsanzika.

Kulusumu anapsompsona Pempho m'khosi. “Kwathu mwana amene wayamwa bere lako ndi wako. Uyu ndi mlongo wake wa Mahmud. Musandimane.”

Poyamba ankatsikadi. Kenako kunali kupalira mbatata, kenako mvula. Kuphiri kunalibe amene ankadziwa za kumsika kuja, ndipo Chifuniro anazindikira kukoma kwa kupatsidwa moni wamba, wopanda diso lofufuza. Kulusumu anakwera kamodzi wapansi, thukuta lili kamukamu, atanyamula matemba m'pepala. Anawapeza amayi atakhala pamsewu, ndipo atangopereka moni anafunsa ndi mawu ake okweza aja, “Nanga mankhwala mukumwa bwinobwino? Mukugona?”

Chifuniro anamva ngati amuvulanso. Anaseka n'kuuza anzakewo kuti awa ndi amayi amene ankayandikana nawo kale, ndipo mankhwala ake ndi a mutu waching'alang'ala. Tsikulo sanamuperekeze patali.

Kuchokera pamenepo, mwezi uliwonse akatsika kukatenga mapiritsi ankazungulira msika kuti asadutse kumatemba. Foni ikalira, akaona dzina, ankati ayimba akafika kunyumba. Sankamuda Kulusumu. Kungoti akaona nkhope yake ankaonanso gulu lija, mafoni aja, ndi malovu ake ali patsaya la munthu amene ankamudyetsa. Anakwatiwa ndi Masautso, mlonda wa pa nyumba ina ya alendo, bambo wodekha amene mkazi wake woyamba anamwalira. Anamuuza za Douglas. Za chipatala sanamuuze, ndipo mapiritsi ankabisa m'thumba la nyemba. Ukwati anadalitsa popanda kuitana aliyense wa ku Matawale.

Pempho ali ndi zaka zisanu, Kulusumu anaimba ndi nambala ya munthu wina, ndipo Chifuniro anayankha asakudziwa.

“Achemwali, a Abasi agwa pa mashini. Mbali imodzi yafa, sakulankhula. Ndili ndekha kuno.”

“Mayo ine! Ndibwera Loweruka.”

Loweruka limenelo kunabwera alendo ambiri kuphiri. Lotsatira Pempho anali ndi chifuwa. Loweruka lachitatu panalibe chifukwa chilichonse, koma manyazi a awiri oyamba aja anali atakula kale moti sankadziwa kuti akafika akayambira pati. Abasi anagona chaka chonse. Uthenga wa maliro unamupeza Chifuniro m'mawa kudzera kwa mayi wina wogulitsa nkhuni. Anasamba, anavala chitenje, anayenda mpaka pamene nyumba za m'tauni zimayambira. Pamenepo anadziuza kuti Asilamu sachedwa kuika, jeneza linanyamuka kale, akangofika ngati munthu wodzadya. Anabwerera. Anati apita pa sadaka. Sadaka inadutsa.

Chaka chatha Chifuniro anaima. Ku sikelo namwino anaona m'buku lake za mankhwala aja n'kumukhazika pambali. Anamuuza mosabisa kuti matendawo amatha kubwereranso akangobereka, makamaka masabata oyamba, ndipo anamutumiza kwa dokotala kuti akaonenso mankhwala.

“Koma chachikulu ndi munthu wapafupi,” anatero namwinoyo. “Inu simudzadziwa kuti zayamba. Pakufunika wina wodziwa zizindikiro, woti akakuonani simukugona akuthamangitseni kuno. Bambo akudziwa?”

Chifuniro anapukusa mutu.

“Nanga ulendo woyamba anakusamalani ndani?”

Anatsegula pakamwa kuti atchule dzinalo, koma m'malo mwake analira, mpaka namwino anatseka chitseko.

Anakhala masabata angapo akulimbana nazo. Ankakonza mawu akupalira, kuwasintha akutsuka mbale. Kenako m'mawa wina anakumba mbatata ya kachewere, anathyola mabulosi, ndipo m'tauni anagula shuga ndi chitenje chatsopano. Pempho anamusiya kwa azakhali.

Pa mdadada uja anapeza nkhope zachilendo. Anamulozera kuseri kwa chigayo, kachipinda kamodzi kofolera ndi malata akale opanikizidwa ndi miyala. Kulusumu anali pakhonde akusankha nandolo m'lichero. Thupi lonse lija linali litapita. Anakweza maso, anayang'ana nkhope ya Chifuniro, kenako mimba, kenako dengu limene ananyamula.

“Odi,” anatero Chifuniro.

“Fikani.”

Anamuyalira mkeka, anamupatsa madzi, anafunsana za moyo monga achitira anthu amene akumana pa chipatala. Kuphiri kuli bwanji? Kukuzizira. Azakhali? Alipo. Mahmud? Ali kwa amalume ake ku Jali, kuno sukulu inavuta. Chifuniro anakankha dengu lija. Kulusumu anathokoza, koma sanavundukule.

Chifuniro anachoka pamkeka n'kugwada pa dothi.

“Achemwali, ndabwera ndi mawu awiri. Oyamba ndi akuti zikomo. Sindinanenepo. Munandifunditsa anthu akundiseka. Munayamwitsa mwana wanga ine ndikumukana. Ndinkakulavulirani, inu n'kumabwerabe ndi phala. Pempho ali moyo chifukwa cha inu. Inenso.”

Kulusumu anapitiriza kusankha nandolo.

“Achiwiri ndi akuti ndinakutayani. A Abasi atadwala ndinati ndibwera, sindinabwere. Kuphiri kuja ntchito…”

“Ayi,” anatero Kulusumu mosakweza mawu. “Za ntchito zisiyeni. Nanenso ndinali ndi ntchito.”

Chifuniro anavomera. “Zoona. Sinali ntchito. Ndinkakuthawani. Ndikakuonani ndinkakumbukira tsiku lija. Ndinkafuna kukhala kumene kulibe wondidziwa, ndiye munthu amene ankandidziwa kwambiri ndi amene ndinamutaya. Maliro ndinamva m'mawa momwe. Ndinafika mpaka m'munsi mwa phiri n'kubwerera. Msika ndakhala ndikuuzungulira zaka zonsezi.”

“Ndinkakuonani.”

“Munkandiona?”

“Mumadutsa kuseri kwa ogulitsa makala. Duku lanu lobiriwira lija. Ulendo wina ndinaimirira kuti ndikuitaneni, ndinangoona mwafulumiza.”

Chifuniro anayamba kulira mokweza, mapewa akugwedezeka. Kale Kulusumu akanataya lichero n'kumukumbatira. Tsopano anangodikira.

“Musalire choncho,” anatero kenako. “Mukalira ndiye kuti ine ndiyambe kukutonthozani, nkhani ikhalanso ya inu. Mwanena zanu. Pukutani misozi mumve zanga, chifukwa simunafunse.”

Chifuniro anapukuta ndi nsonga ya chitenje.

Kulusumu anaika lichero pansi. Anafotokoza mmene ankamutembenuzira Abasi yekha, mwamuna wamtali uja, kuti asachite zilonda, koma zilondazo zinabwerabe pamsana ndi m'chiuno mpaka fungo linkafika kwa oyandikana nawo. Mmene ankamutsekera m'nyumba ndi Mahmud kuti akagulitse matemba, pobwera n'kumupeza atadziipitsira, akulira ndi diso limodzi. Mmene mashini osokera anapitira, kenako bedi, kenako benchi ya kumsika. Achibale a Abasi ankabwera kudzaona n'kumapita dzuwa lisanalowe.

“Sindinkafuna ufa wanu ayi. Ndinkafuna munthu wogwira miyendo ine ndikagwira mapewa. Kapena wongokhala pakhomo apa kuti ndikasambe osathamanga. A Abasi mawu anali atatha, koma akamva mapazi panja ankatembenuza maso. Ankakukondani ngati mlongo wawo. Ine ndinkawanamiza kuti kuphiri kwagwa mvula, msewu waduka.”

Chigayo chinazima, kenako chinayambanso.

“Atamwalira ndinakhala eda, miyezi inayi ya namfedwa, osapita kumsika, osayenda mwachisawawa. Amayi a kumzikiti ankabwera, Mulungu awadalitse. Koma iwo ankabwera kwa mkazi wa malemu Abasi. Panalibe wobwera kwa Kulusumu. M'miyezi imeneyo ndi mmene ndinasiyira kukudikirani. Sindinakwiye ayi. Zinangouma, ngati bere mwana akaleka.”

“Ndikhululukireni, achemwali.”

“Ndifunse kaye. Mimbayi ndi ya miyezi ingati?”

“Isanu ndi iwiri.”

“Ku sikelo akuuzani kuti zikhoza kubwerera?”

Chifuniro anaweramitsa mutu. Apa ndi pamene ankaopa. Akanatha kunena kuti ayi, zimenezo sizikukhudzana. Mawuwo anali kale pa lilime.

“Andiuza. Anandifunsa amene anandisamala, ndipo ndi pomwe ndinaona chimene ndinachita. Sindinganame, pakanapanda mimbayi mwina lero ndikanazunguliranso msika. Ndipo mumtima muno muli mbali ina imene ikufuna kuti mudzakhalepo. Koma sindikupempha. Ndilibe pakamwa popemphera.”

Kulusumu anamuyang'ana nthawi yaitali.

“Mukananama ndikanakubwezerani dengu lanuli,” anatero. “Zikomo wanu ndamulandira. Ndinkamufuna, ndisaname. Kukhululuka ndinakhululuka kale pa mkeka woswalira, chifukwa katunduyo ankandilemera ineyo. Koma kudzakhalapo sindidzakhalapo. Mphamvu zimene zija zinathera pa a Abasi. Mwezi ukatha ndikupita kwathu ku Jali, amayi akalamba ndipo kuno kulibe chondisunga. Bambo a kunyumba akudziwa?”

“Ayi.”

“Ndiye mukufuna adzadziwire pamsewu ngati mmene tinadziwira ife? Kawauzeni. Muwauze kuti chimayamba ndi tulo. Mukayamba kuchapa zoyera, mukayamba kuyang'ana mwana ngati mlendo, asadikire, asapite kwa asing'anga. Ndipo zimene mudzawanene nthawi imeneyo asadzazisunge.”

“Ndikawauza.”

“Nanga Pempho? Amandidziwa?”

Chifuniro anapukusa mutu. Kulusumu anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ndipo apa ndi pamene maso ake anadzaza. Anatembenukira kukhoma.

“Zina zonse ndinazipirira,” anatero. “Pitani, dzuwa likupendeka, phiri lija ndi mimba si masewera.”

Sanamuperekeze.

Chifuniro anamuuza Masautso tsiku lotsatira ali kudimba. Anayambira pa Douglas mpaka pa thumba la nyemba. Masautso anatsamira khasu, namvetsera osadula mawu. Pomaliza anati mapiritsiwo anawaona kalekale, ankaganiza kuti ndi olera ndipo ankadikira kuti anene yekha. Chimene chinamupweteka chinali china. “Zaka zonsezi mumandiona ngati munthu wothawa?” Anakhala masiku angapo akuyankha mwachidule, koma tsiku la sikelo anasintha yunifolomu n'kutsika naye.

Kumuuza Pempho kunali kovuta kuposa pamenepo. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu anafunsa ngati amayi ake anali amisala ngati bambo wotola mapepala ku depoti. Chifuniro anati inde, kwa kanthawi, ndipo panali mayi wina amene anamuyamwitsa.

Anatsika naye Loweruka, Kulusumu akumanga katundu. Pempho anagwada, anapereka moni waulemu, n'kubisala kumbuyo kwa amake. Kulusumu anamukoka pang'ono, anamugwira masaya, anayang'ana kuseri kwa khutu lake pamene pali kachipsera.

“Apa anakukanda ndi Mahmud,” anatero. “Munkalimbirana.”

Pempho anaima chowuma, maso ali kwa amake, kudikira kuti amusiye. Kulusumu anazindikira, namusiya.

Tsiku limenelo Chifuniro anatsuka mapoto, anamanga mitolo, anakolopa chipindacho kuti landilodi asapeze chonena, mimba ikumulemera. Kulusumu sanamuletse, ndipo sanamuthokoze mopitirira. Ankangomuuza kuti ichi chilowe umu, icho chisiyeni. Katundu yense anakwana pa njinga ziwiri za kabaza. Pa siteji Kulusumu anati, “Mutsale bwino, amake Pempho.” Sananene kuti achemwali.

Mwana anabadwa mwezi wa June, chiperoni chitaphimba phiri. Wamwamuna, dzina lake Luso. Patangopita masiku ochepa tulo tinathawa. Masautso anamupeza akutsuka mabeseni otsuka kale, ndipo sanafunse zambiri, anaitana njinga yamoto. Ulendo uno anagonekedwa masabata atatu okha. Khanda linasamalidwa ndi azakhali ndi mkaka wa m'chitini umene a kutchalitchi anasonkha. Amayi a pamsewu anadziwa onse. Ena anabwera ndi nkhuni, mmodzi analetsa ana ake kudya kwa Chifuniro mpaka lero.

Masautso anaimbira ku Jali kukanena. Kulusumu anafunsa ngati wayamba kudya, anati amupempherera, ndipo sanabwere.

Chifuniro anabwerera pamsewu Luso ali kumbuyo. Lachisanu lililonse masana, anthu akatuluka kumzikiti, amapita pamwala wina pamene netiweki imagwira n'kuimba ku Jali. Nthawi zina foni imangoitana. Ikayankhidwa, amafunsa za amayi okalamba aja, amene tsopano sakuona, ndi za Mahmud, ndi za mpunga ngati madzi a Chilwa sanaumize. Anaphunzira kusayamba ndi zake. Kulusumu amayankha mwachidule, ndipo kawirikawiri ndi iye amene amati, “Basi, mayunitsi anu angathe.” Mwezi watha anatchula yekha kuti msana ukumuvuta, kutembenuza amayi kwayamba kumukanika. Chifuniro anati abwera Luso akangoleka kudwaladwala. Chifuniro anamva mawu ake omwe, ofanana ndi a Loweruka lija, ndipo anati ayi, abwera Lachiwiri, ndi Luso yemweyo.

“Minibasi za ku Jali zimavuta nthawi ya mvula,” anatero Kulusumu. “Mukafika pa msika wa kuno mufunse kwa a Chemwali Maliya ogulitsa mpunga, akulozerani njira.”